Tebulo langa la mukwa lachita mabanga: kodi ndikapalitse lonse?

MakeTiyamike
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi vuto, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi tebulo lodyerapo la mipando 6, la mukwa, lija kwathu ku Chipata timati mlombwa. Tinagula kwa akalipentala a ku Kalingalinga zaka 7 zapitazo ndipo ndalisamala ngati dzira. Loweruka kunabwera alendo, ana anga n'kuika bakuli ya nsima yongophula kumene pa tebulo popanda choyalapo. Pochotsa ndapeza banga loyera ngati mtambo, kukula ngati chikhato. Kupatula limenelo pali timizere toyera tozungulira titatu ta makapu a tiyi, ndi lina lakuda lozungulira pakona pamene pankakhala chitini cha maluwa. Abambo a kunyumba akuti tingolitumiza akalipale lonse, apake vanishi watsopano. Ine mtima sukulola, chifukwa mtundu wake umene uja ndi umene ndinalikondera. Apongozi akubwera kutha kwa mwezi uno. Ndichite chiyani?

MnyamataWaChawama
Yalanipo nsalu amayi. Apongozi akubwera kudzadya nsima, sakudzayendera matabwa.

MakeTiyamike
Achimwene, nsalu ndili nazo zambiri. Koma tebulo limenelo sindinagule kuti likhale lofunda moyo wake wonse.

NyaKatete
Achemwali musavutike, mankhwala ake ndi vaselini. Pakani wambiri pa mabanga onsewo madzulo, mugone, m'mawa mupukute ndi nsalu yofewa. Ena amapaka mayonezi. Ine pa tebulo langa la pabalaza mzere wa tambula unachoka usiku umodzi wokha. Palibe banga limene limakana vaselini.

MmisiriWakale
A MakeTiyamike, musathamangire kupalitsa. Ndagwira ntchito ya matabwa kuyambira ndili mnyamata, ndipo matebulo ambiri amene anthu amandibweretsera kuti ndipale sankafunika kupala. Mwatchula mabanga a mitundu iwiri, ndipo matenda ake ndi osiyana.

Oyerawo, kaya a kapu kaya a bakuli, sanafike pa thabwa. Ali mkati mwa vanishi momwe. Chotentha chikakhala pa tebulo vanishi amafewa pang'ono, nthunzi yochokera pansi pa mbaleyo n'kulowamo. Akazizira amaumanso chinyontho chili m'kati, ndiye chimaoneka choyera ngati nkhungu ya m'mawa. Thabwa pansi pake lili bwinobwino, silinakhudzidwe.

Lakudalo ndi nkhani ina. Pamenepo madzi anaboola vanishi n'kufika pa mtengo weniweni, ndipo anakhalapo nthawi yaitali. Limenelo vaselini salichotsa, ngakhale mutapaka botolo lonse.

Musanachite chilichonse ndiyankheni izi. Mukayendetsa chala pa banga la bakulilo mutatsinzina, mukumva posalala ngati pena ponse, kapena pakukhakhala? Pali timing'alu kapena potukusira? Kenako gwadani muyang'ane kunsi kwa tebulo ndi m'mphepete mwake. Kodi mizere ya mtengo imene ili pamwamba ikupitirira mpaka kumbali ndi kunsi, kapena kunsi kukuoneka kwa mtundu wina?

NyaKatete
Koma langa linachoka ndi vaselini, abambo. Ndinaona ndi maso anga.

MmisiriWakale
Sindikukutsutsani amayi. Lanu linali loyera komanso latsopano, si choncho? Otero mafuta amathandizadi, amalowa m'timipata ting'onoting'ono ta mu vanishi, kuyera kuja n'kuzilala. Nthawi zina banga latsopano limachoka lokha pakapita masiku awiri kapena atatu chinyontho chikauluka. Chimene ndikukana ndi mawu akuti palibe banga lokana. Ndipo pamene vanishi wang'aluka musapakepo mafuta alionse, chifukwa amatsikira m'thabwa n'kusiya banga la mafuta, limene tsiku lopaka vanishi wina lidzavutitsa.

GogoWaMtendere
Ife kale tinkasefa phulusa losalala, kusakaniza ndi timadontho ta mafuta ophikira, n'kupukuta pang'onopang'ono ndi kansalu. Miphika yathu inkawala ngati galasi.

MnyamataWaChawama
Agogo, nkhani ndi ya tebulo, si miphika.

GogoWaMtendere
Ndamva mwanawe. Pa tebulo pomwe tinkatero. Mabwana a azibambo athu ankagwiritsa phulusa la ndudu pa matebulo awo.

MphunzitsiWopuma
Agogo akunena zoona. Phulusa losefa, ngakhale mankhwala otsukira mano oyera aja, zimagwira ntchito ngati sandipepa wosalala kwambiri. Zimadya kachikopa kapamwamba ka vanishi kamene muli chinyonthocho. Vuto lake n'lakuti mukalimbikira malo amodzi, pamenepo pamasintha kawalidwe, pena kuzimirira pena kuwala kuposa ponse, ndiye mwachotsa banga loyera n'kuikapo chigamba. Phulusa la mbaula losasefa ndiye musayerekeze, limakhala ndi mchenga ndi timakala, limakanda.

MakeTiyamike
Abambo a MmisiriWakale, ndayang'ana. Banga la bakuli ndi losalala, chala sichikumva kanthu, kupatula pakati penipeni pamene pakukhakhala pang'ono ngati pamamatira kanthu. Timizere ta makapu ndi tosalala. Pa lakudalo vanishi wasuwa, chikhadabo chikukodwa. Kunsi kwa tebulo ndi mtengo womwewo, matabwa anayi olumikiza, mizere yake ikupitirira mpaka m'mbali.

MmisiriWakale
Zikomo, mwayang'ana bwino. Tebulo lanu ndi la thabwa lenileni, ndiye njira zonse n'zotseguka. Tiyambe ndi oyerawo, ndipo tiyambe ndi njira yosaononga kanthu.

Pukutani tebulo liume, pasakhale fumbi kapena mafuta. Tengani nsalu ya thonje youma, yoyera, yopanda maluwa kapena zolemba, monga pilokesi yakale. Nsalu ya nayiloni ayi, ndipo chitenje ayi, utoto wake ungadinde pa vanishi wofunda. Ipindeni kawiri muiyale pa banga. Simbi yamagetsi muikhuthule madzi onse, nthunzi muzimitse, muike pa moto wochepetsetsa, uja wositira zovala zopyapyala. Isiteni nsaluyo mukuyendetsa simbi, osaima malo amodzi, kwa masekondi 5 kapena 10 basi. Tukulani nsalu muone. Gwirani tebulo ndi dzanja: likhale lofunda loti chikhato chingakhalepo osapsa. Likatentha kuposa apo dikirani lizizire, kenako mubwereze. Mukhoza kubwereza kakhumi, palibe vuto. Choipa ndi kufuna kumaliza kamodzi.

Kufunda kumeneko kumafewetsa vanishi pang'ono kuti chinyontho chipeze potulukira. Ndi moto womwewo umene unabweretsa vuto, kungoti tsopano ndi wouma ndipo mukuulamulira ndinu. Ngati muli ndi dilaya ya tsitsi ndi yabwino koposa, chifukwa mumaona banga likuzilala uku mukugwira ntchito. Muigwire patali ngati kutalika kwa chikhato, muziyendetsa.

Yambani ndi kamzere kamodzi ka kapu, kamene kali pobisika kuposa tina. Kakachoka mupite pa bakulilo. Mukamva nsalu ikumata, kapena fungo la vanishi likutuluka, siyani pomwepo.

MakeTiyamike
Malaiti kuno ku Chilenje apita kuyambira m'mawa. Simbi ya makala ingachite?

MmisiriWakale
Ayi amayi, dikirani malaiti. Ya makala simungadziwe moto wake, ndipo kakhala kamodzi kakagwa pa tebulo ndiye tayamba kukamba za kupsa, zimene zilibe mankhwala kupatula kupala.

WaKuMatero
Nkhani ya malaitiyi yativuta tonse. Ife kuno amabwera usiku anthu atagona, munthu uzidzuka pakati pa usiku kusita mayunifomu a ana. Madzi a ku Kariba akatsika tonse timabwerera pa mbaula.

NyaKatete
Ndipo makala akwera mtengo. Thumba limene tinkagula chaka chatha lero ungolisuzumira.

WaKuMatero
Ine ndinagula kachitofu ka gasi, ndinapuma. Koma poto wochoka pa gasi ndi amene anandiwotchera tebulo la kukhitchini, banga lake ndi lofiirira ngati buledi wopserera. Kodi simbi ingathandizenso pamenepo?

MmisiriWakale
Ayi achimwene. Lofiirira kapena lakuda lochokera ku moto ndiye kuti vanishi wapsa, mwina ndi thabwa lomwe. Chopsa sichibwerera. Pamenepo m'pofunika kukokota mpaka mufike pa mtengo wabwino. Simbi ndi ya mabanga oyera okha, osalala.

MayiWaKabwata
Ndikufuna ndikuchenjezeni ndi zimene zinandichitikira, chifukwa mpaka lero zimandiwawa. Langa ndinagula m'sitolo m'tauni, lokongola, looneka ngati mtengo wodula. Linachita banga loyera la fulasiki. Mwana wa mlongo wanga anati azakhali musadandaule, ndili ndi sandipepa. Sanakhule ngakhale mphindi zisanu, tinangoona pakati patuluka chinthu chotuwa ngati utuchi woumba. Kani pamwamba ponse panali kachikopa ka mtengo kopyapyala ngati khadibodi ya sopo, komata pa chipibodi. Nditapita nalo kwa kalipentala anandiuza kuti palibe chochita kupatula kumata china pamwamba ponse kapena kupaka penti. Banga loyamba lija linali laling'ono kuposa chilonda chimene tinapanga. A MakeTiyamike, aliyense wobwera ndi sandipepa m'manja mumuuze ayambe wakhala pansi.

MmisiriWakale
Pepani amayi. N'chifukwa chake ndinawafunsa kuti ayang'ane kunsi. Kachikopa ka mtengo kameneko timati viniya, ndipo wa masiku ano ambiri sakwana ngakhale milimita imodzi. Ndipo kwa ena amene muli ndi matebulo otero, simbi yomwe muisamale kwambiri, chifukwa moto ukachuluka guluu wa pansi amafewa, viniya n'kutukuka.

WaKuBuseko
Ndionjezepo china, ine ndimagulitsa matabwa. Si tebulo lililonse lotchedwa mukwa limene lili mukwa. Ena amatenga paini wa ku Copperbelt, kumupaka siteni wofiirira, vanishi pamwamba, n'kugulitsa ngati mukwa. Lotero mukakhula malo amodzi mumachotsa siteni, pamatsala chigamba choyera, ndipo kufananitsanso mtundu ndi ntchito yovuta. Paini ndi wopepuka, ali ndi mfundo zambiri, chikhadabo chimalowa mukakanikiza kunsi. Mukwa chikhadabo sichilowa msanga.

MakeTiyamike
Langa ndi mukwa ndithu, kunsi sikunapakidwe kanthu ndipo ndi kofiirira komweko, ndi timizere toyera m'mbali mwa thabwa limodzi.

WaKuBuseko
Ndiye mulisunge. Mukwa wa matabwa otambalala, wouma bwino, sukupezeka ngati kale. Mitengo imeneyi imakula pang'onopang'ono ndipo yadulidwa kwambiri. Ambiri amene akubwera pano ndi aawisi, kalipentala akapangira tebulo lisanathe chaka lang'aluka polumikiza.

MakeTiyamike
Ndabweranso. Malaiti anabwera usiku ndipo ndayesa monga munanenera. Timizere ta makapu tiwiri tachokeratu, ngakhale ine sindingaloze pamene tinali. Kachitatu katsala pang'ono, kooneka ukayang'ana chopendekera. Banga la bakuli ndabwereza kasanu ndi katatu, m'mbali monse lachoka bwino, koma pakati paja pokhakhala patsala kabanga kotuwa ngati ndalama yachitsulo. Sikakusunthanso. Ndionjezere moto?

MnyamataWaChawama
Onjezerani, mwatsala pang'ono kumaliza.

MmisiriWakale
Musaonjezere! Apo simbi yamaliza ntchito yake. Chimene chatsalacho si chinyontho ayi. Pakatipo m'pamene bakuli inatentha kwambiri, vanishi anafewa n'kudindika ndi pansi pa bakuliyo, n'chifukwa chake pakukhakhala. Moto wina ungomutukusa.

Tsopano tifunika kudziwa chimene anapaka pa tebulo lanu, chifukwa tonse timangoti vanishi koma zilipo zingapo, ndipo kakonzedwe kake n'kosiyana. Pezani malo obisika amene anapakidwa, monga mkati mwa mwendo kumtunda. Donthezanipo sipiriti, uja wofiirira wa m'mabotolo, mudikire mphindi imodzi, mukhudze ndi kathonje. Pakamata, ndiye kuti ndi shelaki, amene amapezeka kwambiri pa mipando yakale. Pakapanda kusintha, yesani malo ena ndi dontho la thina wa laka. Pakafewa n'kumata, ndi laka, uja amapopera ndi mfuti ya kompuresa. Zonse ziwiri zikakanika kumusungunula, ndi vanishi wa mafuta kapena poliyurethani. Mutsegule mawindo, ndipo mbaula ikhale kutali, thina sachedwa kuyaka.

MphunzitsiWopuma
Pamene tikudikira, ndinenepo za lakudalo, poti palibe walifotokoza. Amayi anati pamenepo pankakhala chitini cha maluwa. Ndikukhulupirira chinali chachitsulo ndipo chinachita dzimbiri kunsi. Mitengo yambiri yolimba ili ndi tanini, chinthu chomwe chija chimachititsa tiyi wowirira kukhala wowawa m'kamwa. Tanini akakumana ndi chitsulo pali madzi, pamabadwa utoto wakuda, ndipo inki ya makedzana ankaipanga motero. Mukafuna kuona, ikani msomali wadzimbiri mu tiyi wopanda mkaka, muusiye. Ndiye banga lanulo si litsiro loti mungatsuke, ndi utoto umene wapangika m'kati mwa mtengo.

NyaKatete
Ndiye athirepo jiki. Jiki amachotsa inki pa malaya.

MphunzitsiWopuma
Ayi amayi, pa banga la chitsulo jiki sachita bwino. Angathe kuyeretsa mtengo wozungulira, banga lenilenilo n'kutsala. Chimene chimamasula chitsulo ndi asidi wa okizaliki, ufa woyera umene amasungunula m'madzi ofunda. Mufunse m'mahadiweya akuluakulu kapena kwa ogulitsa mankhwala a m'mafakitale. Ndi poizoni, afunika magolovesi, kuteteza maso, ndi kusunga kutali ndi ana chifukwa amaoneka ngati shuga. Musamusakanize ndi jiki ngakhale pang'ono, mpweya wake ndi woopsa.

MmisiriWakale
Aphunzitsi anena zonse. Ndingoonjeza kuti asidiyo sagwira pamwamba pa vanishi, afunika thabwa lamaliseche. Ndipo sitipaka pa banga pokha, timapaka pamwamba ponse, apo ayi pamatsala chigamba chowala pamene panali chakuda. Apa m'pamene nkhani ya kupala ikulowera. Mabanga oyera sakanatifikitsa kumeneko. Lakudali ndi limene likufunsa funso.

MakeTiyamike
Ndayesa. Sipiriti sanachite kanthu. Thina nditangodontheza, pamalopo panafewa n'kumata pa thonje.

MmisiriWakale
Ndi laka, monga ndimaganizira. Akalipentala ambiri amamukonda chifukwa amauma msanga, tebulo lopopera m'mawa madzulo lili pamsewu kudikira wogula. Amawala bwino koma salimba ku moto ndi madzi, n'chifukwa chake kapu ya tiyi yokha inakusiyirani mizere. Ubwino wake ndi umodzi waukulu: laka watsopano amasungunula wakale n'kukhala chinthu chimodzi. Ndiye kabanga kotuwa kaja munthu wodziwa kupopera akhoza kukasalaza ndi sandipepa wa 400, kupukuta tebulo lonse kuchotsa polishi, n'kupopera kamodzi kapena kawiri pamwamba ponse. Osapala, mtundu wanu osasintha. Poliyurethani satero, watsopano amangokhala pamwamba pa wakale, chigamba chake chimaoneka mpaka kalekale.

Ndiye njira zanu ndi izi. Mukhoza kulisiya mmene lilili, kabanga kotuwa mukapukute mopepuka ndi sitiliwulu wosalala kwambiri wa 0000 ndi polishi wa phula pang'ono, motsata mizere ya mtengo, ndipo pa lakudalo mmisiri adonthezepo laka kutseka posuwapo kuti madzi asalowenso. Mukhoza kupopetsa pamwamba monga ndanenera, oyera onse atha, koma lakuda likhalabe likuoneka pansi pa laka watsopano. Kapena kuchotsa zonse mpaka pa thabwa.

Ine muyeso wanga ndi uwu. Ndimachotsa zonse ngati vanishi akusuwa malo ambiri, ngati wang'aluka ngati matope a m'dambo mu Okutobala, ngati akumata nthawi yotentha, kapena ngati dontho la madzi likulowa n'kudetsa thabwa m'malo mokhala pamwamba. Lanu lili ndi malo amodzi okha, pakona. Likanakhala langa sindikanapala.

KalipentalaWaGarden
Apa akulu ndisiyana nanu pang'ono, mundikhululukire. Tebuloli ndi lodyerapo, m'nyumba muli ana. Mukapoperanso laka, mwezi wa mawa bakuli ina ikhalapo, amayiwa abweranso pano ndi funso lomwelo. Zaka 7 laka wagwira ntchito yake. Thabwa ndi lenileni, lokhuthala, silingathe ndi kupala kamodzi. Achotse zonse, banga lakuda lichoke, apake poliyurethani katatu, apume zaka zambiri. Abambo a kunyumba sanalakwe.

MmisiriWakale
Pa kulimba sindikukana mphwanga, poliyurethani amapirira madzi ndi kutentha kuposa laka. Koma wamva chimene amayiwa anakondera tebulo lawo? Mtundu. Mtundu umene uja wabwera ndi zaka, kuwala kwa dzuwa kwasintha khungu la pamwamba la mtengo. Ukapala umachotsa khungu limenelo, pamwamba pamatuluka mtundu wina, miyendo ndi mipando 6 n'kutsala ndi wakale. Ndiye kapena upale zonse, kapena uyambe kusewera ndi siteni. Ndipo poliyurethani wa mafuta amaonjeza chikasu chake. Bakuli ya nsima yongophula nayenso samuchitira chifundo.

KalipentalaWaGarden
Mtundu umabwerera pakapita nthawi, akulu.

MmisiriWakale
Umayandikira, koma si kutha kwa mwezi uno.

MakeTiyamike
Nonse mukumveka. Tiyerekeze ndasankha kuchotsa zonse, ntchito yake imayenda bwanji, kuti ndidziwe ngati mmisiri akuchita zoona? Ndipo ingathe apongozi asanafike? Kwatsala masiku 18.

KalipentalaWaGarden
Laka sachedwa kuchoka, timamusungunula ndi thina kapena mankhwala ochotsera penti n'kukokota ndi sikirepa. Musalole munthu wobwera ndi gulainda kapena sandipepa wa 40, amasiya maenje ndi mizere yozungulira imene imaonekera vanishi akangolowa. Thabwa likayera, asidi uja pamwamba ponse, aume, banga likakana abwereze. Kenako kutsuka ndi madzi oyera kangapo, osachita kukhathamiritsa, n'kulisiya pamthunzi masiku awiri liume. Padzuwa ayi, lingapindike. Ndiye sandipepa wa 120, kenako 180, kumalizira 220, nthawi zonse motsata mizere, wokhulayo atavala chotseka pamphuno chifukwa cha fumbi la asidi. Asanapake apukute ndi thapentaini: thabwa likanyowa limakuonetsani mtundu umene lidzakhale nawo, ndi zokanda zonse zotsala. Mukhalepo nthawi imeneyo, muone ndi maso anu. Vanishi woyamba amamusungunula pang'ono, gawo limodzi la thapentaini pa magawo 10. Akauma, kukhula mopepuka ndi 320, kupukuta fumbi, kupakanso, mpaka katatu. Nthawi yodikira pakati yalembedwa pa chitini, aitsate. Mwati kunsi sikunapakidwe, apakekonso kamodzi kuti mbali zonse zizimwa chinyezi mofanana.

Ntchito yonse ndi ya sabata imodzi ndi masiku angapo kukakhala kouma.

MmisiriWakale
Ndipo kunja sikouma, tili mu Febuluwale. Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, vanishi amachedwa kuuma. Chinanso, kuuma koti ungakhudze ndi kukhwima n'zosiyana. Poliyurethani amafuna masabata atatu kapena anayi kuti alimbe zenizeni. Apongozi adzapeza tebulo lonunkha vanishi, loti mbale ikakhalapo idinda, nsalu ikayalidwa imata. Kupopera laka nyengo ino nakonso n'kuyesa mwayi: thina akamauluka msanga pamwamba pamazizira, chinyezi cha mumpweya n'kutsekeredwa m'kati, tebulo lonse n'kuchita nkhungu yoyera yomwe tikulimbana nayoyi. Chilichonse mwa ziwirizi chidikire mvula ithe, chakumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, kusanazizire kwambiri ndiponso fumbi la Ogasiti lisanayambe.

KalipentalaWaGarden
Pa nyengo ndagwirizana nanu. Pa laka ayi.

MayiWaKabwata
Funso langa ndi la polishi. Ine ndimapopera uja wa m'chitini wonunkhira bwino Loweruka lililonse. Ndimaganiza kuti ndikuteteza.

KalipentalaWaGarden
Ambiri a m'zitini zopoperazo ali ndi silikoni. Kuwala amawalitsa, koma moto ndi madzi satchinga. Tsiku lopaka vanishi watsopano, pamene silikoni analowa vanishi amathawapo, pamachita timaenje tozungulira ngati maso a nsomba. A MakeTiyamike, ngati mwakhala mukupopera ameneyo mumuuziretu mmisiri asanayambe, atsuke bwino ndi thapentaini.

MakeTiyamike
Ndakhala ndikupopera, zaka zonsezi. Ndidzamuuza.

GogoWaMtendere
Kwathu nsima inkabwera pa mphasa kapena pa lichero, panalibe za mabanga. Gulani timphasa ta mlaza tija amaluka amayi, muziikapo mabakuli. Pa Kabwata paja pogulitsa zosemasema mukapeza.

WaKuBuseko
Kapena tizidutswa ta matabwa. Pa bakuli yotentha kansalu kopyapyala sikathandiza, nthunzi imadutsa, nthawi zina banga limachita kukula chifukwa nsaluyo yasunga chinyontho. Pafunika chinthu chokhuthala chouma.

MakeTiyamike
Dzulo ndinagula sitiliwulu wa 0000, ndinavutika kumupeza, m'masitolo ambiri amangondipatsa uja wotsukira mapoto ndipo ndinakana. Ndapukuta kabanga kotuwa ndi phula pang'ono, mopepuka. Kukhakhala kwatha, kutuwa kwachepa, koma pamalopo pazimirira pang'ono poyerekeza ndi ponse, ukaima pakhomo dzuwa likulowa umapaona. Ukakhala pa mpando supaona. Ndakambirana ndi abambo a kunyumba, tagwirizana kuti mpaka Meyi palibe wolikhudza. Iwo akadali kumbali ya a KalipentalaWaGarden, akuti lakudalo limawasowetsa mtendere. Ine ndikadali kumbali ya kupopera kokha. Talitembenuza tebulo, kona ija yapita kukhoma.

Chimene ndikufuna kudziwa pakali pano ndi posuwa paja. Mpaka Meyi ndi kutali, ndipo ana amatayira madzi tsiku lililonse.

NyaKatete
Pakanipo kiyuteksi wosaoneka mtundu, uja wa zikhadabo.

MmisiriWakale
Apa a NyaKatete alasa. Wa zikhadabo woonekera ndi m'bale wake wa laka, ndipo tsiku lokonza adzachoka ndi thina yemweyo. Pamalopo paume kaye bwinobwino, ndipo phula kapena vaselini asafikepo. Chotsani tizidutswa tosuwa ndi chikhadabo, mupake kopyapyala posuwa pokhapo, osasefukira pa laka wabwino chifukwa amufewetsa. Dikirani ola, mupakenso kachiwiri. Banga lakuda lidzaoneka lakuda kwambiri likanyowa ndi kiyuteksiyo, musadabwe.

KalipentalaWaGarden
Meyi akafika, musanasankhe, uzani mmisiri achotse laka pa kona yokhayo ayese asidi. Ngati munasankha kuchotsa zonse palibe chimene mwataya. Koma banga lina limalowa kwambiri moti asidi amangolichepetsa osalimaliza, ndipo ndi bwino abambo a kunyumba aone zimenezo tebulo lonse lisanavulidwe.

MmisiriWakale
Akayesa pa kona pokha ndiye wayamba kale chigamba chija tinkakana, mphwanga. Akadzafuna kungopopera, kona imeneyo idzasiyana ndi ponse.

KalipentalaWaGarden
Kona ili kukhoma, akulu.

MakeTiyamike
Ili kukhoma lero chifukwa cha apongozi. Abambo a MmisiriWakale, kiyuteksi amene ndili naye walembedwa kuti ndi wolimbitsa zikhadabo, ali ndi timadzi tofiirira pang'ono. Ameneyo achita, kapena ndikagule woyera mbee ngati madzi?

MmisiriWakale
Kagulani wooneka ngati madzi, wamba, wotchipa yemweyo. Wofiirirayo utoto wake ungalowe m'thabwa.